Funsani Dokotala: Timadontho tinayi pachithunzi cha magazi a mwana

Adokotala, mwana wanga wa zaka 3 watentha thupi masiku atatu, ndipo lero akungogona, chakudya akukana. Mlamu wanga amene akuphunzira za labotale anamutenga magazi, n'kuwapaka mopyapyala pakagalasi, kenako anajambula ndi foni zimene anaona pa maikulosikopu. Chithunzicho ndakutumizirani. Iye akuti tizilombo tikuoneka tinayi tokha, choncho ndi malungo ochepa. Ndinayamba kumupatsa LA amene anatsala m'nyumba. Kodi ndingopitiriza?
Mayi wa ana atatu, Namwera, Mangochi

Mayi, ndikuona kuti chimene mukufuna kumva kwa ine n'chakuti ulendo wa kuchipatala ungathe kudikira. Sungadikire. Mwana amene akungogona ndiponso akukana kudya ayenera kuonedwa lero lomwe, kaya chithunzi chikuonetsa tizilombo tinayi kapena sichikuonetsa kanthu. Mawu akuti "malungo ochepa" amachedwetsa makolo ambiri, choncho tiyeni tichione bwinobwino chithunzi chanucho.

Timizeremizere tozungulira totuwa mofiirira timene tadzaza chithunzicho ndi maselo ofiira a magazi. Kachilombo ka malungo kamakhala m'kati mwa selo lotere, ndipo magazi akathiridwa utoto wa Giemsa kamadziwika ndi zinthu ziwiri zimene ziyenera kuoneka pamodzi: kadontho kofiira kowala bwino, ndi kamzere kopyapyala kabuluu kozungulira ngati mphete, kosiya malo oyera pakati. Mtundu wa falisipalamu, umene umayambitsa malungo ambiri kuno kwathu ndiponso ndi umene umapha, umakhala ndi timphete tating'ono kwambiri. Nthawi zina mphete imodzi imakhala ndi timadontho tiwiri, nthawi zina imamatirira m'mphepete mwa selo, ndipo selo limodzi likhoza kunyamula mphete ziwiri koma osatupa. Kadontho kofiira kopanda buluu si umboni wokwanira. Chimene chimapusitsa ophunzira kawirikawiri ndi mapulateleti, tizidutswa tothandiza magazi kuundana, timene tikagwera pamwamba pa selo lofiira timaoneka ngati tili m'kati mwake. Iti timakhala ndi mawangamawanga apepo, m'mphepete mwake simukhala mosalala, ndipo mphete yabuluu mulibe. Zinyalala za utoto nazo zimanamiza, koma zimapezekanso pamalo opanda maselo, pamene kachilombo sikangakhale.

Pachithunzi chanu ndawerenga maselo ofiira pafupifupi 250. Anayi mwa iwo ali ndi mphete zenizeni, ndipo limodzi mwa anayiwo lili ndi mphete ziwiri. Chakumanzere kuli kadontho kena kamene ndikuona kuti ndi pulateleti, ndipo sindinakawerengere. Ndiye pa nambala 4 mlamu wanu sanalakwe, chifukwa pakagalasi kopyapyala timawerenga maselo amene agwidwa, osati mphete zimene zili m'kati mwake. Pamene wasochera ndi pa tanthauzo la nambalayo.

Maselo 4 mwa 250 ndiye kuti 1.6 mwa maselo 100 alionse agwidwa. Pofuna kudziwa kuchuluka kwake m'magazi, a labotale amatenga kuti m'maikulolita imodzi, kamene ndi kadontho kochepa kwambiri poyerekeza ndi dontho lotuluka pachala pobaya, muli maselo ofiira 5,000,000. Tikachulukitsa 4 ndi 5,000,000 n'kugawa ndi 250, tipeza 80,000. Amenewo ndi maselo ogwidwa 80,000 m'kadontho kamodzi kokha, pamene mwana wa zaka 3 ali ndi magazi pafupifupi lita imodzi. Ngati mwanayo magazi ndi ochepa kale, tinene kuti maselo ake ndi 3,000,000, chiwerengerocho chitsikira pa 48,000, koma kutsika kumeneko si nkhani yabwino, chifukwa ndiye kuti ali ndi mavuto awiri, malungo ndi kuchepa kwa magazi.

Chiwerengero chimenechi nachonso musachikhulupirire kwambiri. Chithunzi chimodzi ndi malo amodzi okha pakagalasi ponse, ndipo wojambula amasankha pamene paoneka bwino. Ndondomeko yoyenera ndi kuwerenga maselo pafupifupi 5,000, kutanthauza malo 20 okhala ndi maselo 250 alionse, chakumchira kwa magazi opakidwawo kumene maselo agona limodzilimodzi osasanjikizana. Malo otsatira akanatha kuonetsa selo logwidwa limodzi kapena asanu ndi atatu. Foni nayo imasokoneza mitundu ndipo siilola kukweza ndi kutsitsa diso la maikulosikopu, pamene nthawi zambiri kusiyanitsa mphete ndi pulateleti kumadalira zimenezo. N'chifukwa chakenso chithunzi chopanda kachilombo sichitanthauza kuti munthu alibe malungo. Ngati selo limodzi lokha mwa 1,000 lagwidwa, amenewo ndi 5,000 pa maikulolita, okwanira kudwalitsa mwana, komabe pazithunzi zinayi zotere, zitatu zikhoza kutuluka zoyera. Pofufuza ngati tizilombo tilipo amagwiritsa ntchito dontho lochindikala la magazi kapena kachipangizo koyezera malungo mwachangu. Kagalasi kopyapyala ntchito yake yaikulu ndi kudziwa mtundu wa kachilombo ndi kuwerenga pamene tizilombo tachuluka.

Tsono tifike pa chikhulupiriro chija chakuti tizilombo tochepa pakagalasi ndiye matenda ochepa. Falisipalamu amamaliza kukula m'selo lofiira m'maola pafupifupi 48. M'chigawo choyamba cha nthawiyo, akadali mphete, amayenda ndi magazi ndipo amapezeka m'dontho la pachala. Akakhwima, selo limene alimo limasanduka lomata ndipo limakakamira m'mitsempha ing'onoing'ono ya mu ubongo, m'matumbo, mu impso ndi kwina, kumene limatsekereza magazi. Tizilombo timeneti ndi timene timakomola mwana, ndipo ndi tomweto timene sitioneka pakagalasi. Mwana akhoza kukhala ndi mphete zowerengeka m'mawa, pofika usiku tobisala tija taswa maselo n'kulowa m'maselo atsopano, chiwerengero n'kukwera kangapo. Zoona, maselo ogwidwa akapitirira 10 mwa 100 alionse, amenewo timawatenga kuti ndi malungo aakulu ngakhale wodwala akuyenda yekha. Koma lamuloli siligwira ntchito mobwerera m'mbuyo: chiwerengero chotsika sichichotsa mwana pangozi. Ife kuchipatala timayang'ana mwanayo poyamba, kagalasi pambuyo.

Za LA wotsala uja, ndikudzudzuleni pang'ono. LA amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, ndipo kuchuluka kwa mapiritsi kumatengera kulemera kwa thupi. Akatsala m'nyumba ndiye kuti wina sanamalize ake, ndipo otsalawo sangakwane kuchiritsa wachiwiri. Amangochepetsa mphete zoyenda m'magazi, kagalasi n'kuoneka bwinoko pamene matenda akupitirira, moti ngati magazi aja anatengedwa mwana atamwa kale, 80,000 uja akhoza kukhala wochepera pa zimene zinalipo. Mlamu wanu waonetsa kuti diso ali nalo, koma magazi a wodwala amayezedwa pamene pali womuyang'anira komanso mankhwala, osati kunyumba.

Nyamukani naye tsopano, musadikire kuti kuche. Tengani pepala limene munali LA uja, ndipo muwauze a chipatala mapiritsi amene wamwa ndi nthawi yake, osabisa poopa kukalipiridwa. Anene okha ngati akufunika kumuyeza kuchuluka kwa magazi ndi shuga, popeza zonse ziwiri zimatsika mwa ana odwala malungo. Mwana amene sakutha kumwa, akusanza chilichonse, akukomoka, akupuma mobanika, m'manja mwayera kapena sakutha kukhala tsonga yekha safunika mapiritsi koma jakisoni wa atesuneti, ndipo akakutumizani ku chipatala chachikulu ku boma la Mangochi, pitani tsiku lomwelo. Ngati chipatala chili kutali, dzerani kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, amene angathe kumuika atesuneti wolowetsa kumalo ochitira chimbudzi. Ameneyo ndi wongomugwiriziza panjira, ndipo ngakhale mwana atatsitsimuka n'kupempha phala, ulendo wa kuchipatala upitirire.