Kalabu ya chitowe ikufuna mnzake wa makina: ayambire pati?

"Ndine mlembi wa kalabu ya alimi a chitowe kuno ku Ngabu. Tatopa ndi kugulitsa kwa mavenda. Tikufuna munthu wokhala ndi makina oyengera mafuta woti tichite naye bizinesi limodzi. Timupeza kuti, nanga tikamuyamba bwanji?"

A mlembi, musanatuluke pakhomo yambani mwatsegula kaundula wa kalabu yanu. Mwini makina adzakufunsani zinthu zitatu: muli ndi chitowe chochuluka bwanji, chimapezeka mwezi uti, ndipo n'choyera motani. Mukayankha kuti "timalima chambiri", nkhani yathera pomwepo. Lembani tsamba limodzi lokha. Tiyerekeze kuti muli anthu 40 ndipo chaka chatha munakolola matumba 120 a makilogalamu 50. Amenewo ndi matani 6. Lembani chomwecho, muwonjezere kumene mumasungira ndi mtunda wake kuchoka pamsewu wa tala. Nambala ikhale ya zomwe munakololadi, osati zomwe mukulakalaka chaka chino.

Kopezera munthuyo, yambani pafupi. Likulu la Shire Valley ADD, nthambi ya boma yoyang'anira ulimi m'chigwa cha Shire, lili pa Ngabu pomwepo, ndipo ku ofesi ya zaulimi ya boma la Chikwawa kuli mlangizi woona za ulimi wa bizinesi. Anthu amenewa ndi amene ogula mbewu amawapeza akatsika kuchigwa, choncho amadziwa amene analipira bwino ndi amene anasowa ndi katundu wa alimi. Pemphani alangizi a m'dera lanu akuperekezeni. Kwina n'ku chionetsero cha zaulimi chomwe chimachitikira pa Chichiri mu Blantyre. Kumeneko musamangosirira makina. Nyamulani botolo la mafuta lomwe layalidwa pathebulo, muwerenge dzina ndi nambala ya foni ya wopanga, muone ngati pali chidindo cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu. Pezani mayina atatu kapena anayi, chifukwa wokhala ndi dzina limodzi amavomera zilizonse.

Tsopano kayambidwe kake, pamene makalabu ambiri amapunthwa. Amalemba kalata yoyamba ndi mavuto: kusefukira kwa madzi, umphawi, ana amasiye, kenako "tikupempha thandizo". Zonsezo n'zoona ndipo zimandikhudza, koma mwini makina si bungwe lachifundo. Vuto lake iye n'lakuti makina amakhala miyezi osalira chifukwa chosowa mbewu, ngongole ikumudikira. Inu ndinu yankho la vuto limenelo, ndiye lankhulani ngati anthu obweretsa kanthu. Alangizi ayambe aimba foni kukutchulani, inu mutumize tsamba lija, kenako anthu awiri a mukomiti apite ndi chitowe chokwana kilogalamu imodzi kapena ziwiri. Chitapeni m'matumba osiyanasiyana, osati chosankhidwa mwapadera. Mwini makinayo adzachithira m'dzanja n'kuchipukusa kuti aone mchenga wotsalira, adzatafunanso pang'ono kuti amve ngati chauma. Ngati mumapunthira pansi popanda lona, dzanja lakelo lidzaulula.

Pa ulendo woyambawu musakambe zogawana masheya kapena kutsegula kampani. Pemphani kuyesa kamodzi ndi matumba 10, omwe ndi makilogalamu 500. Pafupifupi theka la kulemera kwa chitowe ndi mafuta, koma makina safinya onse. Ngati makina ake atulutsa malita 35 pa makilogalamu 100 alionse, muyembekezere malita 175. Mmodzi wa inu akhalepo poyeza pasikelo ndi poyenga, alembe zomwe zatuluka. Mukapanda kutero mudzangouzidwa kuti chitowe chanu chinali chopanda mafuta, ndipo simudzakhala ndi potsutsira.

Ngakhale kuyesa kochepaku kulembedwe. Pepalalo linene amene alipire galimoto yokwera mapiri a Chikwawa kupita ku Blantyre, mwini zotsalira pofinya (anthu amaziiwala, chonsecho ndi chakudya cha ziweto chogulitsika), dzina lomwe likhale pabotolo, ndi tsiku lenileni lomwe ndalama zidzaperekedwe. Alangizi asainire ngati mboni.

Mwini makinayo mumufufuze nayenso. Akuonetseni makinawo akugwira ntchito, chiphaso cha kalembera wa bizinesi yake, ndi nambala za alimi ena amene anamugulitsapo mbewu. Aimbireni. Wokana kukuonetsani malo ake, wofuna kuti kalabu iyambe yapereka ndalama "zolembetsera", kapena wofuna kunyamula matani onse 6 pangongole, musiyeni.

Chomwe ndikuopa kwambiri chili kwa inu nomwe. Mavenda akadzafika ndi ndalama m'manja nthawi yokolola, ena mwa mamembala adzagulitsa usiku, matumba omwe munalonjeza n'kuperewera. Mnzanu wa makina sadzabweranso. Choncho khalani pansi ndi gulu lonse musanapite, aliyense anene yekha matumba omwe angathe kudikira nawo, alembe dzina lake. Ngati pa matumba 120 aja olembedwa akwana 60, mukalonjeze 60.