Bere lauma mbali imodzi, ndisiye kuyamwitsa?

Achemwali, ndithandizeni. Bere lakumanzere lauma mbali imodzi chakukhwapa kuno, pafiira, pakutentha, ndipo ndikangokhudza ndikumva kuwawa kwambiri. Zayamba dzulo madzulo, usiku ndinamva katsembwe pang'ono. Mwana ali ndi masabata 3. Ena akuti ndisiye kumuyamwitsa bere limeneli. Nditani?

Mng'ono wanga, pepa kwambiri, ululu umenewo si wamasewera. Ndayankha ndi mawu kuti ndifotokoze bwinobwino, umvetsere mpaka kumapeto, ndipo bambo a mwanawo amve nawo.

Choyamba, usasiye kuyamwitsa. Mmene wafotokozeramo, kumeneko ndi kutupa kwa bere kumene kuchipatala timati masitaitisi, ndipo kumakonda kubwera masabata oyambirira omwewa. Chimachitika n'chakuti mnofu wa m'kati mwa bere umatupa n'kupanikiza timisempha todutsa mkaka, ndiye mkaka wa mbali imeneyo sutuluka bwino. Ukasiya kuyamwitsa mwadzidzidzi, mkaka udzadzana pamalo potupa kale, ndipo m'pamene chithupsa chimayambira. Mkakawo si woipa, mwana sadwala nawo. Umangomveka kamchere pang'ono, n'chifukwa chake ana ena amalikana berelo. Akakana, muyambitse kumanja, mkaka ukayamba kutsika umusamutsire kumanzere. Akakanabe, finya pang'ono ndi dzanja, kungoti bere lipepuke basi.

Apa pali chinthu chimodzi chosiyana, ndipo ndikunenera aliyense amene akumvetsera, osati iwe wekha. Mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV, bere likatupa chonchi kapena nsonga ikang'ambika, amayamwitsa bere labwinolo, lodwalalo azifinya mkaka n'kutaya mpaka lichire, ma ARV osadumphitsa, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsopano chimene ndikufuna uchigwire kwambiri ndi ichi: usalikande bere mwamphamvu. Ndikudziwa kuti dzanja limangofuna kufinya chotupacho kuti chisungunuke, ndipo ena akuuza kuti ulimbe mtima ufinye mpaka chithe. Ayi. Mmenemo mulibe chibuluma cha mkaka choti uchiphwanye, ndi mnofu wotupa, ndipo ukaukanda ukuuvulaza, mawa udzuka patatupa kuposa lero. Ngati ukufuna kusisita, uzingoyendetsa zala pamwamba pa khungu mopepuka, kuchokera kunsonga kupita kukhwapa. Komanso usamakame bere ola lililonse kuti liphwe, chifukwa ukamakama kwambiri thupi limaona ngati mkaka ukuchepa, n'kupanga wina wambiri. Mwana ayamwe pamene wafuna, monga mwa masiku onse.

Akamaliza kuyamwa, ika chozizira. Nyika kansalu koyera m'madzi ozizira, kapena kulunga ayezi m'kansalu, uike pamalopo mphindi 10, uchotse. Ukhoza kubwereza ola lililonse. Ayezi asakhudze khungu mwachindunji. Madzi otentha asiye kaye, amaonjezera kutupa. Za mankhwala, bulufeni wa mamiligalamu 400 ukhoza kumwa maola 8 aliwonse utadya, amachepetsa ululu ndi kutupa komwe. Koma ngati uli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso, kapena mphumu imene imayamba ukamwa mankhwala amenewa, usamwe. Panado ndi mapiritsi awiri a mamiligalamu 500, maola 6 aliwonse, osapitirira mapiritsi 8 pa tsiku. Onsewa sayambana ndi kuyamwitsa. Kamisolo yothina uvule, umwe madzi, ugone. Alamu, apa ndikunena inu, ntchito za pakhomo lero zisamuone ameneyu.

Undiyang'anirenso nsonga ya berelo pamalo powala. Kodi yang'ambika, kapena pali kachilonda? Ndikufunsa chifukwa pamng'alu pamenepo m'pamene tizilombo timalowera, makamaka totchedwa sitafilokokasi, timene timakhala pakhungu pomwepa. Ndipo kawirikawiri nsonga imang'ambika chifukwa mwana akungoyamwa nsonga yokha. Akagwira bwino, kukamwa amatsegula kwambiri, chibwano chimakhudza bere, mlomo wam'munsi umapindikira kunja, ndipo mbali yakuda yozungulira nsonga imaoneka yambiri pamwamba pa kamwa kusiyana ndi pansi. Akamaliza, nsonga ituluke yozungulira, osati yophwatalala. Ngati ikutuluka yophwatalala, gwero la vutoli lingakhale pamenepo, ndipo azamba akakuongolera kagwiridwe kake.

Za nthawi yopita kuchipatala, tiwerenge limodzi. Zayamba dzulo madzulo, ndiye lero madzulo akwana maola 24. Chita zimene ndanenazi kuyambira pano. Ikafika nthawi imeneyo, dzifunse: ululu wachepa? Pouma paja pafewako? Thupi lazizira? Ngati zikuchepa, pitiriza, zambiri zimatha zokha m'masiku owerengeka. Ngati zili chimodzimodzi kapena zikukula, usagonenso nazo usiku wina, pita. Kuti uone bwino, tenga cholembera uzungulize m'mphepete mwa malo ofiirawo tsopano lino. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino nthawi zina, pamangoderako n'kumanyezimira, ndiye tsatira pamene pakutentha ndi kuuma. Madzulo ukaona kuti kwadutsa mzere uja, wadziwa kuti kukufalikira.

Koma katsembwe ka usiku kaja kakundikhudza. Ngati thupi latentha kufika madigiri 38.5, kapena ukunjenjemera mano kugundana, m'thupi monse mukuphwanya, usadikire madzulo, nyamuka pompano. Chimodzimodzi ukaona mafinya kapena magazi mumkaka, mizere yofiira yolowera kukhwapa, mawere onse awiri atatupa, kapena nsonga ili ndi chilonda chotuluka mafinya. Ukamamva chizungulire, mtima ukuthamanga, ukupuma mofulumira kapena mutu sukuyenda bwino, pamenepo matenda angakhale atalowa m'magazi, akutengere kuchipatala ngakhale pakati pa usiku. Ndipo poti wabereka posachedwapa, kutentha thupi kukhoza kuchokera kwina, monga m'chiberekero kapena malungo, ndiye ukafotokoze zonse, akakuyeze, usakangoonetsa bere lokha.

Akaona kuti ndi tizilombo, akupatsa maantibayotiki, kawirikawiri kulokisasilini kapena fulukulokisasilini, mamiligalamu 500 kanayi pa tsiku, kwa masiku 10 mpaka 14. Ukawauze kuti ukuyamwitsa, ndipo ngati penisilini amakuwenga unene msanga, alipo ena. Usakagule wekha kapena kumwa otsala a munthu wina, si maantibayotiki onse amene amapha tizilombo timeneti. Ukayamba kumwa uyenera kumva kusintha pasanathe masiku awiri. Ukapeza bwino usasiyire panjira, maliza onse, apo ayi zibwerera. Masiku awiri akatha osasintha, bwerera komweko.

Chimene tikuthawa ndi chithupsa. Umachidziwa chonchi: chotupa chimasonkhana malo amodzi, ululu umagunda, ndipo pakati pake pamayamba kufewa, ukadina pang'ono umamva kuti muli madzi. Zikafika apo mapiritsi okha sakwanira, amayenera kuchotsa mafinyawo ndi jakisoni kapena kucheka pang'ono. Usayese kuboola wekha, ndipo usapake chilichonse pachilonda. Ngakhale zitatero, ambiri amapitiriza kuyamwitsa, bola kamwa la mwana lisakhudze bala.

Chinanso, mankhwala akatha koma chotupa chikadalipo patapita sabata imodzi kapena ziwiri, kapena khungu lachita timaenje ngati khungu la lalanje, kapena nsonga yalowa m'kati, ukapimitsenso, akaunike bwinobwino. Nthawi zambiri sichikhala choopsa, koma khansa ina ya m'mawere imayamba mofanana ndi kutupa kumeneku, ndiye sitimangoganizira.

Pano yeza kutentha kwa thupi ngati muli ndi choyezera, uone nsonga ija, undiuze zimene wapeza. Madzulo ndikuimbira.