Apu yatsitsidwa ndi anthu 500 koma maoda ndi 5 chabe

"Akuluakulu ndithandizeni, ndapanga apu yoodera chakudya muno mu Chipata. Ndaika K2,000 pa Google Ads, anthu 500 atsitsa koma maoda ndi 5 chabe. Ndiwonjezere ndalama kapena?"

Achimwene musawonjezere kaye. Google yakupatsani zomwe munapempha, munati mukufuna anthu otsitsa apu ndiye yakasaka anthu otsika mtengo omwe amadina chilichonse chowala pafoni, mawa foni ikadzaza chinthu choyamba kufufuta ndi apu yanuyo. K4 pa munthu mmodzi imaoneka yokoma koma gawani K2,000 ija ndi maoda 5, kasitomala mmodzi mwamugula K400. Pa mbale ya nsima ndi nkhuku phindu lake lingabweze zimenezo liti? Adiveti ina yokudyerani K10 pa munthu, otsitsa 200 chabe koma 20 n'kuoda, imeneyo ndi K100 pa kasitomala, ndiye yabwino ngakhale nambala yake siyosangalatsa kuonetsa anzanu.

Choyamba ikani Firebase mu apu, chida cha Google cholemba zomwe anthu akuchita mu apumo. first_open, ya munthu akatsegula apu koyamba, imadzilemba yokha, koma sign_up ya munthu akalembetsa ndi purchase ya munthu akagula auzeni omwe anakupangirani apu aziike. Apa ndiye pamalakwika ambiri. Ndalama za Airtel Money kapena MTN MoMo sizidutsa ku Google Play ndiye Firebase sidziwa yokha kuti munthu walipira. Komanso purchase isamalembedwe pomwe munthu wadina batani lolipira, ambiri amadina kenako pini saika kapena mu akaunti mulibe kanthu. Izilembedwa malipiro akatsimikizika basi. Yesani ndi foni yanu mukuyang'ana pa DebugView ya mu Firebase, pomwe zolembedwazi zimaoneka nthawi yomweyo, kenako fananizani ndi mameseji a ndalama zomwe zalowadi. Firebase ikati 30 inu mwalandira 12, dziwani kuti mukuphunzitsa Google kusaka anthu osalipira.

Zikalongosoka lumikizani Firebase ndi Google Ads, kampeni muiuze kuti izitsata zochita za mkati mwa apu osati kutsitsa. Koma musathamangire purchase manje manje, makinawa amaphunzira ndi kuchuluka, Google yomwe imalangiza kusankha chinthu chomwe anthu osachepera 10 amachita tsiku lililonse. Ndi maoda 5 simungafike. Yambani ndi sign_up kapena add_to_cart, ya munthu akaika chakudya m'basiketi, maoda akachuluka musinthe. Mtengo pa munthu wotsitsa udzakwera, musadabwe, ndipo musamagwiregwire bajeti tsiku ndi tsiku, isiyeni sabata kapena ziwiri chifukwa ena amatsitsa lero n'kudzaoda kumapeto kwa mwezi akalandira.

Onaninso malo omwe munasankha. Ngati munaika Zambia yonse, ambiri mwa 500 aja mwina ali ku Lusaka kapena ku Kitwe, pomwe wanjinga wanu amathera ku Kapata ndi Mchini.