Kamera ikungoduka pa laputopu, sikirini yada bii: musathamangire kukagula ina

"Zikomo akulu. Ndimajambula mabotolo a uchi ndi mafuta odzola a anthu ogulitsa pa intaneti. Ndili ndi Canon 70D, lenzi ya 50mm f/1.8 ndi mafulashi awiri a m'situdiyo, osakhala a Canon. Ndinagula chingwe chachitali kuti ndiziona pa laputopu zomwe kamera ikuona, koma pakangopita mphindi zochepa imaduka, ndipo ikagwira sikirini imangoda bii. Mnzanga akuti laputopu yanga ndi yofooka, ndigule ina. Ndi zoona?" Atero mayi wina wa ku Lilongwe.

Mayi, ndalamazo sungani. Malangizo a "gulani ina" amandipsetsa mtima chifukwa amachokera kwa anthu amene sanagwire ngakhale chingwe n'kuchiyang'ana. Chithunzi chapompopompo chimene kamera imatumiza ku laputopu, chija pa menyu amachilemba kuti Live View, ndi chaching'ono kwambiri poyerekeza ndi chithunzi chenicheni. Laputopu yotha kuonetsa kanema osadukiza ikhoza kuchionetsa. Mavuto anu ndi awiri osiyana, ndipo onse awiri sakhala m'mimba mwa laputopu momwe mnzanuyo akulozamo.

Tiyambe ndi chingwe, poti ndi chimene chimapalamula milandu yambiri. Kabowo ka 70D ndi ka USB 2.0, ka mtundu wa Mini-B, kokulirapo kuposa ka mafoni akale aja. Malire a USB 2.0 ndi mamita 5. Kupitirira apo uthenga umafika wofooka, kamera n'kumaoneka, n'kumasowa. Ndiye ambiri amachita chonchi: atenga chingwe cha mita imodzi ndi theka, aonjezera china cha mamita 5, n'kukalumikiza pa kabokosi kogawa mabowo komwe palinso mausi ndi fulashidisiki. Apo mwapyola malire ndipo mwapanga mfundo zitatu zoti zizimasuka. Gulani chingwe chimodzi chonenepa cha mamita 3, kapena osapyola 5, chichoke pa kamera chikalowe pa laputopu penipeni. Ngati chipinda chikufunadi mtunda woposa apo, choonjezeracho chikhale cha mtundu wokhala ndi kamutu kotupa kolimbikitsa uthenga, osati waya wamba. Koma kujambula botolo la uchi sikufuna mamita 10. Sendezani tebulo la laputopu pafupi, basi.

Poyesa musaganizire, chitani: tengani chingwe chachifupi chija chinabwera ndi kamera, lumikizani, siyani Live View ikuyenda kwa mphindi 20. Ikapanda kuduka, wolakwa mwamupeza. Ikadukabe, gwedezani pang'ono mutu wa chingwe pamene walowa m'kamera muone ngati Windows ikulira kabelu kake kaja. Ikalira, kabowo kayamba kukhwepa. Kabowoka kanawotcheredwa mkati mwa kamera, ndipo kulemera kwa chingwe cholendewera kumakadya pang'onopang'ono. Mangani chingwecho ku mwendo wa thirayipodi ndi tepi kapena mphira, musiye kathumba kolendewera pakati pa mfundoyo ndi kamera, kuti mwana kapena kasitomala akachipunthwa chikoke thirayipodi osati kabowo. Kukonzetsa kabowo kothyoka kumadula kuposa zingwe khumi.

Wachiwiri kukayikira ndi tulo. Laputopu ikakhala pa batire, Windows imakonda kugoneka mabowo a USB kuti isunge moto. Pitani ku Power Options, kenako Change advanced power settings, pezani USB settings, ndipo USB selective suspend setting muike pa Disabled, pa batire ndi pa magetsi pomwe. Malaputopu ena mzerewu sauonetsa, ndiye tsegulani Device Manager, pa USB Root Hub iliyonse lowani Power Management muchotse kachongi ka Allow the computer to turn off this device to save power. Kamera nayo ili ndi tulo take: Auto power off muike pa Disable. Ndipo pa 70D, Wi-Fi ikakhala pa Enable kabowo ka USB sikagwira ntchito n'komwe, choncho ikhale pa Disable.

Palinso nkhani ya mapulogalamu kulimbirana. Kamera imamvera bwana mmodzi pa nthawi. EOS Utility, pulogalamu yaulere ya Canon, imadzitsegula yokha mukangolumikiza, ndiye wina n'kutsegulanso Lightroom kuti nayo igwire kamera yomweyo. Zotsatira zake onse awiri amalephera. Sankhani imodzi. Kwa 70D ine ndikuti EOS Utility, ndipo sindikunyengerera: ndi ya eni kamera, silipiritsa, ndipo imayendetsa fokasi kuchokera pa laputopu. A Nikon ali ndi NX Tether, a Sony ali ndi Imaging Edge Desktop, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Za mdima wa pa sikirini

Apa kamera sinaonongeke, ikungonena zoona zimene simunaifunse. Pojambula ndi fulashi mumaika mwina 1/125, f/11, ISO 100. Amenewo ndi makonzedwe a panja dzuwa likuwala. Kamera ili ndi chizolowezi choonetseratu m'mene chithunzi chidzatulukire ndi kuwala kumene kulipo panthawiyo, ndipo fulashi imene siinaphulike siiwerengera. M'chipinda muli babu limodzi, ndiye ikuonetsani mdima. Pa menyu ya Live View pezani Expo. simulation muike pa Disable. Mukatero sikirini iwala yokha mokwanira kuti muone botolo, posatengera manambala mwaika. Yatsaninso mababu oonetsera a pa mafulashi anu, aja amayaka osazima, kuti muziona komwe mithunzi ikugwera.

Pa menyu yachiwiri ya Live View pali msampha wina wa anthu a mafulashi osakhala a Canon: Silent LV shoot. Ikakhala pa Mode 1 kapena Mode 2, fulashi yoteroyo siphulika mukamajambula mu Live View. Ikani pa Disable. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Ngati sikirini ndi yakuda koma chithunzi chojambulidwa chikutuluka bwino, vuto ndi la Expo. simulation lija. Ngati chojambulidwacho nacho chili bii ndipo fulashi simunaione ikung'anima, ndi la Silent LV shoot. Chikatuluka chowala koma ndi mzere wakuda m'mphepete, shata yathamanga kupyola 1/250, malire a 70D, ndipo ndi zotumizira uthenga ku fulashi zotchipa ndi bwino kukhala pa 1/125 kapena 1/160.

Tsopano chimene ndikufuna mutenge kwambiri, chifukwa anthu akangokonza chingwe amagwa apa. Live View ndi yosanjira katundu ndi kuikira fokasi. Si yoweruzira chithunzi. Kuwala, mtundu ndi kuthwa muziziweruza pa fayilo imene yafika pa laputopu mutajambula, mutaikulitsa pa 100%. Aliyense woonetsa kasitomala Live View n'kumati "zituluka chonchi" akudziikira mlandu.

Titenge botolo lanu la uchi, lotambalala masentimita 8, kamera ili pa masentimita 60. Mu Live View m'chipinda chamdima lenzi imakhala yotsegula kukamwa konse, pa f/1.8, ngakhale inu mwaika f/11. Pa mtunda umenewo gawo lakuthwa pa f/1.8 silipyola sentimita imodzi. Ndiye pa sikirini dzina la pakati pa chizindikiro lioneka bwino, zilembo za m'mbali momwe botolo likupindika zili mbuu, inu n'kuyamba kukaika lenzi. Pa f/11 gawo lakuthwalo limafika masentimita 5 kapena 6, ndipo kuchokera pamimba pa botolo kufika m'mphepete mwake ndi masentimita 4 okha. Zikukwana, bola fokasi muiike pabwino.

Chitani motere. Kabatani ka pa lenzi kakhale pa AF, apo ayi mivi ya fokasi ya mu EOS Utility sigwira. Kokerani kabokosi koyera pa chilembo chimene chili pambali pang'ono, osati pamimba penipeni, chifukwa mukaika fokasi kutsogolo kwenikweni theka la gawo lakuthwa limathera mumpweya. Kulitsani pa x10. Mivi itatu imasuntha fokasi kwambiri, iwiri pang'ono, umodzi pang'onong'ono. Yambani ndi itatu, malizani ndi umodzi, mpaka m'mphepete mwa chilembo musiye kuyenderera. Yatsani Depth-of-field preview kuti lenzi itseke kufika pa f/11 muone m'mbali. Kenako pafupi ndi batani lojambulira la pa laputopu sankhani MF, kuti kamera isakasakenso fokasi yake mukadina. Kamera musaigwirenso. Jambulani, dikirani masekondi angapo fayilo ifike, ikulitseni, werengani tizilembo tating'ono ta kulemera kwa uchi. Tikawerengeka, mwatha. Musakopeke kupita pa f/22 poganiza kuti kuthwa kuonjezeka: pa kamera ya sensa ngati ya 70D chithunzi chonse chimayamba kufewa mukapyola f/11, ndipo pa f/22 zimaonekeratu.

Mabotolo akakhala makumi awiri, lembani ndi pensulo pamene loyamba laima, ndipo yatsani mizere ya Grid kuti chivundikiro chilichonse chigwere pa mzere umodzi. Ogulitsa amaona msanga botolo limodzi likapendekeka pakati pa anzake.

Kunena za uchi, sikirini ya laputopu imanama pa mtundu, makamaka ikapendekeka kapena zenera likamawalira. Uchi wofiirira uoneka wachikasu, inu n'kuukonza, n'kuuononga. Jambulani kakhadi kotuwa koyesera mtundu pa chithunzi choyamba, pansi pa mafulashi omwewo, ndipo mtundu wa zithunzi zonse muutengere pamenepo. Zimitsaninso kaja ka Night light mu Windows.

Moto ndi kutentha. Live View imadya batire la LP-E6 mofulumira, ndipo batire likatsala pang'ono kulumikizana kumayamba kuvuta. Pali batire labodza la DR-E6 lolowa ku magetsi a pakhoma, koma kwathu kuno liganizireni kawiri: magetsi akazima kamera ikulemba fayilo, chithunzicho chapita, pamene laputopu ikupitirira pa batire lake ngati palibe chachitika. Popanda inivetala, mabatire awiri osinthana ndi abwino. Mu Okutobala sensa imatentha msanga, kachizindikiro koyera ka kutentha kamabwera, zithunzi n'kuyamba timadontho, kakafiira Live View imadzizimitsa. Tsekani Live View mukamapukuta botolo kapena kusuntha nyali.

Mu Preferences, pa Remote Shooting, chongani kuti zithunzi zisungidwenso pa khadi la m'kamera, kuti chingwe chikazuka musataye kanthu. Ngati mukonzera mu Lightroom Classic, musailole igwire kamera. Pitani File, Auto Import, muilozere foda imene EOS Utility ikutayiramo zithunzi. Fodayo ikhale yopanda kanthu poyamba, ndipo pa Destination Folder muletse EOS Utility kupanga timafoda ta madeti mkati mwake, chifukwa Lightroom siyang'ana m'timafoda ta mkati ndipo mudzangodikira zithunzi zosabwera.

Ndiye mawa m'mawa, Mayi: chingwe chachifupi, Wi-Fi pa Disable, Expo. simulation ndi Silent LV shoot. pa Disable, Lightroom yotseka, mphindi 20. Ikadukabe, yesani bowo la mbali ina ya laputopu, ndipo mundilembere mundiuze ngati kabelu kanalira mutagwedeza chingwe.