Nsapato zothamangira pa tala

"Abale, ndikufuna ndiyambe kuthamanga m'mawa, koma kwathu kuno ndi tala yekhayekha. Ndigule nsapato zanji? Nanga ndizithamanga mtunda wautali bwanji?"

Achimwene, za mtundazo akuuzani ena, ine ndinene za nsapato. Amene angakuuzeni kuti mugule Air Force kapena Converse musawamvere, zimenezo n'zotchenera. Tala safewa, ndiye chimene mukugula kwenikweni ndi siponji ija ili pakati pa phazi ndi labala wapansi. Siponjiyo imatha mphamvu nsapato ikayenda makilomita 500 mpaka 800, pamwamba pakuonekabe bwinobwino.

Apa ndi pamene kaunjika amapweteketsa anthu. Mlamu wanga anatola Asics yowala, yochapidwa bwino, wogulitsa atapakanso choyeretsa m'mbali. Posakhalitsa anayamba kudandaula misongolo, kutsika masitepe mochita kugwira khoma. Titaiika nsapatoyo patebulo n'kuiyang'ana chakumbuyo, yakumanja inali yopendekera mkati, siponji ili makwinya okhaokha ngati chigongono. Mwini wake woyamba anali ataimaliza kale.

Sindikuti musapite ku Tsoka kapena mumsika wa Limbe, zabwino zimapezeka ndithu. Koma mukaigwira, chotsani kansalu kopondapo kamkati n'kudina pansipo ndi chala chachikulu. Yamoyo imalowa pang'ono n'kubwerera, yakufa imangoti gwa. Itembenuzeni muone kuchidendene: ngati labala wadyeka mpaka siponji kuonekera, isiyeni ngakhale atsitse mtengo. Kenako ipindeni. Izipindika pamene zala zimayambira, osati pakati. Yomwe mungaipotokole ngati mukufinya chovala, ayi. Za mano akuluakulu kunsi n'za m'mapiri, pa tala manowo amadyeka msanga.

Saizi musatengere ya nsapato zanu za ku ofesi. Phazi limafufuma mukamathamanga, choncho pakati pa chala chachitali ndi nsonga ya nsapato pazitsala mpata wokwana chala chachikulu cha kumanja chopingasa. Ikathina mudzaona chikhadabo chikuda kenako n'kuchoka. Kayeseni madzulo mutayendayenda, mutavala masokosi omwe muzithamangira, mapazi onse awiri, mutaimirira. Mukamanga zingwe chidendene chisamavuke poyenda. Wogulitsa akati "imatanuka imeneyo bwana", vulani muzipita.

Mtengo wa pakaunjika ukusintha mwezi ndi mwezi, zungulirani mabenchi angapo musanatulutse ndalama. Zatsopano zenizeni monga Nike Pegasus kapena Brooks Ghost kunja zimagulidwa madola opitirira 100, ndiye wina akakupatsani "yatsopano ya m'bokosi" pamtengo wa patapata ziwiri zitatu, ndi feki imeneyo, guluu wake amachita kununkha. Bola yakale yeniyeni yomwe siponji ikadali moyo.

Mukaigula musamapitenso nayo kuntchito, ndipo mukachapa muziyanika pamthunzi. China, pamsewu muzithamanga mbali yakumanja, moyang'anizana ndi magalimoto. Maminibasi a m'mawa aja saona munthu.