Malire a ntchito pa bolodi la kanibani

“Tilipo anayi, timakonza makompyuta. Ntchito timayamba zambiri, koma sizikutha. Bolodili tiliyambe bwanji?”

Achimwene, kanibani ndi bolodi loonetsa pamene ntchito iliyonse yafika. Jambulani mizere itatu pakhoma: Zodikira, Zikuchitika, Zatha. Kompyuta iliyonse ikhale ndi kapepala kakekake.

Pamwamba pa Zikuchitika lembani 4. Tikakwana timapepala tinayi, wina aliyense asatengenso ntchito yatsopano. Amene manja ali chabe athandize mnzake kumaliza. Apa mpamene ambiri amagwa ulesi, koma limbani mtima, chifukwa bolodi lopanda malire silisintha kanthu.

Kompyuta yodikira sikirini yoitanitsa musaichotse pamzere wa Zikuchitika, iwerengedwe ndithu. Ikani kadontho pa kapepala kake tsiku lililonse. Mukaona madontho akuchuluka pa timapepala titatu, dziwani kuti vuto ndi kagulidwe ka zipangizo, osati anyamata anu.