Rota yasokonekera, mawa ndi mpikisano wa paphiri

"Achemwali, ndikulemba nkhani yaifupi ya supavaiza amene rota, ndondomeko ya mashifiti a antchito, yamuwonongekera usiku woti mawa kuli chochitika chachikulu. Koma ikumveka yozizira, amangoimba foni anthu nkuvomera, basi yatha. Ndiipatse bwanji moyo poti ine sindinagwirepo ntchito ya mashifiti?"

Achimwene, vuto ndaliona, anthu anuwo akuvomera msanga. Ine ndinagwirapo pa loji ina kuno ku Mulanje ndipo sindikukumbuka tsiku limene ndinaimbira munthu 9 koloko usiku iye nkungoti chabwino ndibwera. Aliyense ali ndi chifukwa, ndipo zifukwa zambiri zimakhala zoona. Nde mmalo mokupatsani malangizo ambiri ndingokulemberani mmene ine ndikanaiyendetsera, mutolepo zomwe zakusangalatsani.

Ndi Lachisanu mu Julaye, chiperoni chagwa, phiri silikuoneka olo pang'ono. Mawa kuli mpikisano wothamanga paphiri wa Porters Race uja umayambira pa Likhubula, ndipo loji yadzaza ndi alendo omwe anena kale kuti 5 koloko mmawa akufuna atadya. 8 koloko usiku foni ya mayi supavaiza ikulira. Kwagwa maliro ku Chisitu. Wophika wachiwiri wanyamuka kale, ndipo weita wachinyamata uja wapita naye poti ndi pachibale. Maliro sukaniza munthu, mayiwo angopepesa nkudula foni.

Akumatula rota pakhoma la kukhitchini nkukhala nayo pa tebulo. Wophika wachiwiriyo ndi amene anali wa shifiti ya 4 koloko mbandakucha mpaka 12. Dzina la weita wopita kumaliro lili pa ofu Loweruka, nde mtima ukukhalako pansi, mmawa pali weita wina, mtsikana. Akumuimbira kungofuna kutsimikiza.

"Amayi, si ine mawa. Tinasinthana."

"Munasinthana liti? Ndani anakuvomerezani?"

"Sabata yatha. Ndinamugwirira Lolemba, iye andigwirire mawa, paja mukudziwa Loweruka ndimapita kotani."

Mtsikanayo ndi wa Seventh Day. Dzuwa lalowa kale, Sabata layamba, olo mutamulonjeza ndalama zowirikiza sabwera. Komanso akawerenga bwino wagwira kuyambira Lamulungu mpaka lero, masiku 6 otsatizana, ndipo lamulo la zolemba ntchito la 2000 limati munthu akagwira masiku 6 apume maola 24. Choncho pepala likunena kuti mmawa pasowa munthu mmodzi, zoona zake mmawa mulibe aliyense. Apa mpomwe nkhani yanu ikuyambira achimwene. Rota nthawi zambiri simawonongeka usiku umenewo, imakhala inawonongeka kale masiku apitawo anthu atasinthana pakamwa osalemba, maliro amangoulula.

Maganizo oyamba amene amabwera kwa aliyense ndi oipa, ndipo mulole supavaiza wanu awaganize ndithu. Bambo aakulu ophika aja akumaliza 9 koloko, bwanji angobwera 4 koloko? Koma amakhala ku Chitakale, nthawi imeneyo kabaza mumupeza kuti, pochotsa ulendo ndi maola angati ogona, ndipo akatopa masana ndani aphike chamadzulo pamene alendo abwera ndi njala ya paphiri? Mwatseka bowo limodzi mwaboola lina lalikulu.

Mayiwo akutembenuza pepala, kumbuyo kwake sakulembako maina. Akulemba maola. 4 mpaka 6 koloko, chakudya chammawa, sichingadikire. 7 mpaka 10, loji ili zii, aliyense ali kuphiri kapena kokaonerera. 11 mpaka 3, anthu akubwera ali matope okhaokha, akufuna madzi otentha ndi nsima nthawi imodzi. Madzulo, chakudya ndi zakumwa. Atayang'ana choncho akuona kuti sakusowa munthu wa maola 8 ayi, akusowa manja awiri kwa maola awiri mmawa ndi ena masana.

Nde akulowa kukhitchini bambo ophikawo asanavule epuloni.

"Bambo, mawa mungafike 10 mmalo mwa 1?"

"Ovataimu yake ilipo? Paja ya Isitala ija tikuidikirabe."

Izizi musazisiye, ngongole yakale imatulukira usiku ngati umenewu. Mayiwo akulemba pamaso pawo, maola atatu, nkusainira. Kenako akudula menyu. Zokazinga zosankha aliyense zake palibe, kukhala phala, mazira owiritsa, buledi, nthochi ndi tiyi. Bambowo asananyamuke akuviika nyemba, mbatata zasendedwa zili mmadzi.

Aphike phalalo ndani? Mayi oyeretsa zipinda amakhala pafupi, kuseri kwa mpanda kwenikweni, ndipo anaphikapo phala la ana kusukulu ya pulaimale, mphika waukulu sauopa. Foni yawo ndi yozima, mwina yatha moto. Supavaiza akutenga tochi ndi alonda nkukagogoda. Amuna awo akutuluka atakwiya, zokambirana zikutenga nthawi, pomaliza mayiwo akuvomera koma akuti aweruke 12 osati kupitirira. Zipinda akonza 7 mpaka 11 alendo kulibe. Kuperekera chakudya patebulo achita supavaiza yekha.

Watsala mnyamata wa boila ya nkhuni, mawa ndi ofu yake. Apa pakufunika abwana chifukwa ndi ndalama. Lamulo lomwe lija limati ovataimu wamba ndi malipiro a ola limodzi ndi theka, koma munthu ukamuitana pa tsiku lake lopuma ndi kawiri. Tiyerekeze onse amalandira K700 pa ola. Bambo ophika maola atatu pa K1,050, ndi K3,150. Mnyamatayo 10 mpaka 3, maola asanu pa K1,400, ndi K7,000. Abwana pafoni akung'ung'udza kuti bwanji osangomupatsa tsiku lina, mayiwo akuti tsiku lina alandirabe koma madzi ozizira mu Julaye alendo sadzabweranso. Avomera monyinyirika. Mnyamata wayankha kachitatu kuimbiridwa, kumbuyo kukumveka mpira wa pa vidiyo sho.

Mtsikana uja akumutumizira uthenga wofatsa, Sabata likatha ubwere 6 koloko madzulo. Anaweruka 1 koloko masana Lachisanu, ndiye kuti apuma maola 29, palibe chophwanyidwa. Koma mayiwo sakuika chizindikiro pa dzina lake mpaka atamva mau ake. Ichi chinali chikhalidwe changa inenso, meseji ya WhatsApp yoti yawerengedwa si kuvomera, ndinapsa nazo kamodzi.

11 koloko rota yatsopano yamatidwa pakhoma, yolemba ndi bolopeni, yakale ili mthumba mwawo poti Lolemba pali anthu awiri oti akambirane nawo. Akugona pa benchi ya ku risepushoni atafunda chitenje ndi juzi.

20 minitsi kuti ikwane 4 mayi a phala afika, moto wayaka, madzi ali pamoto. Supavaiza akupita kukatsegula sitolo atenge ufa ndi shuga, akupisa pa msomali pomwe pamakhala kiyi. Palibe. Wa shifiti ya mmawa amaitenga dzulo lake poweruka, ndipo wa shifiti ya mmawayo ali pa siwa ku Chisitu.

Ineyo ndikanaisiyira pomwepa, alonda ataima pakhomo ndi njinga yawo akufunsa kuti amayi ndipite kapena tithyole loko. Koma ngati mukufuna kuitseka inuyo, dziwani kuti njinga mumdima ndi chiperoni singapite ku Chisitu nkubwera 5 koloko isanakwane, ndipo loko wa sitolo akathyoka abwana amafuna lipoti lolemba.